Fakitale ikuti K186 miliyoni, a mashopu akuti K149 miliyoni: ndifufute iti?

Tiyamike: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru ndisanaonekere kwa abwana Lachisanu. Kuntchito kwathu kuli makampani atatu. Kampani yaikulu ili ndi masheya 80 pa 100 alionse mu fakitale ya penti ku Blantyre, ndipo kampani ya mashopu ndi yake yonse. Fakitale imapereka penti kwa a mashopu pangongole. Panopa tikuphatikiza mabuku a chaka chomwe chatha pa 31 Disembala 2024. Leja ya fakitale ikuti a mashopu ali ndi ngongole ya K186 miliyoni, pomwe leja ya a mashopu ikuvomera K149 miliyoni basi. Ndifufute nambala iti? Nanga K37 miliyoni yotsalayo ndiiponye kuti? Amene anali pampando uno ine ndisanabwere ankangoikankhira mu sasipensi, akaunti ija yosungiramo ndalama zosadziwika kopita, chaka chikayamba n'kuibweza.

Bonifesi: Achemwali, kufufuta mainvoisi? Samalanitu, a MRA akabwera sadzafunsa abwana anuwo, adzafunsa amene anagwira kompyuta. Ine ndili kusitolo chabe koma ndimadziwa kuti invoisi ikatuluka siibwerera m'mimba.

aNaphiri: A Bonifesi, khazikani mtima pansi. Palibe invoisi yomwe ikung'ambidwa pano. Fakitale ili ndi TPIN yake, a mashopu ali ndi yawo, ndipo kampani iliyonse imapereka mabuku ake kwa a MRA monga alili. Kufufuta komwe akunena Tiya kumachitikira pa shiti ina yapadera, yomwe amasonkhanitsapo makampani onse atatu kuti aoneke ngati bizinesi imodzi. M'maleja a makampaniwo simulowa kanthu.

Bonifesi: Aaa, ndiye pitirizani, ine ndingomvera nawo.

Mphatso: Izi n'zosavuta. Buku la malamulo a maakaunti la IFRS 10 limati za m'kati mwa gulu zichoke. Fufutani yaing'onoyo, 149, mbali zonse ziwiri. Koma popeza fakitale ndi yanu 80 pa 100 yokha, ine ndikuona ngati muchotse gawo la 80 lokhalo, la 20 linalo ndi la eni masheya ang'onoang'ono aja.

aGondwe: Mphatso mwananga, buku walitchulalo ndi lomwelo, koma wawerenga mothamanga. Pita pa ndime B86. Imati zichotsedwe zonse, kwathunthu. Ngati mukuilamulira kampaniyo, mumatenga katundu wake yense ndi ngongole zake zonse kulowetsa mu konsolidesheni, mabuku ophatikiza a gulu aja, osati 80 pa 100. Ndiye pofufuta simungafufute gawo chabe la chinthu chomwe munachitenga chathunthu. Zochotsa gawo lanu lokha zimachitika pa kampani yomwe muli nayo masheya koma simuilamulira, ija ya IAS 28, ndipo kumeneko chimene mumachotsa ndi gawo la phindu, ngongole imakhala poyera.

Tsopano Tiya. Usafufute chilichonse lero. Ukafufuta 149, K37 miliyoni itsala m'mabuku a gulu ngati ndalama yomwe munthu wakunja adzakupatseni, chonsecho munthu wakunjayo kulibe. Ukafufuta 186, ngongole zanu kwa anthu akunja zichepa ndi K37 miliyoni popanda amene mwamulipira. Konseko n'kunama. Uyambe wapeza kuti 37 ameneyu wapangidwa ndi chiyani. Tenga sitetimenti ya fakitale ndi leja ya a mashopu, uziike pambali pa inzake, invoisi ndi invoisi. Uyang'anitsitse masiku khumi omaliza a Disembala ndi khumi oyamba a Januwale. Zambiri zimabisala pamenepo.

Chisomo: Kuonjezera pa zomwe anena madala, ngati uli pa Excel usavutike ndi rula ndi pensulo. Ika leja ya fakitale pa shiti imodzi, ya a mashopu pa ina, nambala ya invoisi mu A, ndalama mu D, kenako:

```
=D2-SUMIFS(Mashopu!D:D,Mashopu!A:A,A2)
```

Paliponse pomwe sipakutuluka 0, ndi pomwe uyambire. Koma chenjera, a mashopu nthawi zambiri salemba nambala ya invoisi monga ilili. Wina amasiya zilembo zakutsogolo, wina amalemba nambala ya pepala lolandirira katundu. Ukapanda kukonza zimenezo poyamba, pafupifupi mzere uliwonse uoneka ngati wolakwika ndipo ukhala muofesi mpaka usiku pachabe. Ubwerezenso mbali inayo, kuchokera kwa a mashopu kupita ku fakitale, chifukwa fomula imeneyi siingakuonetse chinthu chomwe chili kwa a mashopu okha.

Tiyamike: Zikomo nonse. Ndibwera nazo madzulo.

Tiyamike: Ndabwera. Zapezeka zinthu zinayi ndipo zakwana ndendende.

Choyamba ndi invoisi ya pa 30 Disembala, penti wa K20 miliyoni, ndi VAT yafika K23.3 miliyoni. Thiraki inanyamuka ku Blantyre tsiku lomwelo koma katundu anatsitsidwa ku depoti ya ku Mzuzu pa 3 Januwale. A mashopu anailowetsa mu Januwale ndipo powerenga sitoko pa 31 pentiyu sanawerengedwe kulikonse.

Chachiwiri, a mashopu anatumiza K10 miliyoni pa 31 Disembala madzulo, kubanki ya fakitale inaoneka pa 2 Januwale.

Chachitatu ndi K1.2 miliyoni. Depoti ina a mashopu amachita lendi nyumba ya fakitale, ndiye polipira lendi anadula msonkho n'kukapereka ku MRA. Kufakitale analemba ndalama yomwe inalowa kubanki yokha, yodulidwayo ikadali ngati ngongole.

Chachinayi ndi K2.5 miliyoni ya zidebe za penti zomwe zinaphulika panjira mu Okutobala. A mashopu anazichotsa pa ngongole okha, a fakitale akukana kutulutsa kirediti noti.

aGondwe: Eya, ntchito ndi imeneyo. Waona tsopano kuti sasipensi ija inkabisa zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi kwake kopita.

Ziwiri mwa izo n'zopepuka. K10 miliyoni ija ndi ndalama ya gulu yomwe inali panjira pakati pa mabanki. Pa shiti yako uionjezere ku ndalama za kubanki, uichotse pa ngongole yomwe fakitale ikuyembekezera. K1.2 miliyoni siili kwa a mashopu, ili kwa a MRA, ndipo fakitale idzaichotsera pa msonkho wake ikakhala ndi satifiketi. Imeneyi usaikonzere pa shiti ya gulu. Auze a fakitale aikonze m'buku mwawo mwenimwenimo, apo ayi chaka chamawa udzaipezanso itabereka inzake. Mbali ya fakitale yatsika kuchoka pa 186 kufika pa 174.8.

Penti wa pathirakiyo ndiye ulowetse kwa a mashopu: sitoko K20 miliyoni, VAT yodzabweza K3.3 miliyoni, ngongole K23.3 miliyoni. Mbali yawo yakwera kuchoka pa 149 kufika pa 172.3. Pakati pa 174.8 ndi 172.3 patsala zidebe zophulika zija zokha.

Chisomo: Madala, pa thirakipo ine ngati odita ndingafunse kaye. Mgwirizano wawo umati katundu amakhala wa a mashopu akangokwera thiraki, kapena akatsitsidwa? Ngati ndi akatsitsidwa, olakwa si a mashopu ayi. Ndi fakitale yomwe yalemba malonda nthawi isanakwane, ndipo invoisiyo iyenera kuchoka mu Disembala. Komanso Blantyre ndi Mzuzu si ulendo wa masiku anayi. Invoisi yaikulu ya pa 30 Disembala yopita kwa m'bale wako, thiraki n'kugona panjira mpaka chaka china, ine imandinunkhira. Tiya, kodi mabwana a kufakitale bonasi yawo imawerengedwa pa chiyani?

Tiyamike: Pa malonda a chaka kkkk. Koma musandiike m'kamwa mawu, mwina dalaivala anangopatukira kumudzi kukadya Nyuwere. Mgwirizano wolembedwa ndiye palibe, ndafunsa. Amati "ndife amodzi, pepala n'lachiyani".

aGondwe: Chisomo akunena zoona, ndipo funso limenelo likhudza mabuku a kampani iliyonse payokha, msonkho wake, ndi bonasi imeneyo. Koma ku mabuku a gulu yankho ndi limodzi. Kaya pentiyo umuike kwa fakitale kaya kwa a mashopu, pa 31 Disembala anali wa gulu, ndipo aoneke pa mtengo umene gulu linamupangira, osati K20 miliyoni. Apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni, ndipo Tiya sanaifunse n'komwe. Kufananitsa ngongole ndi theka chabe la ntchito. Tiya, tiuze zinthu zitatu. Fakitale yagulitsa zingati kwa a mashopu chaka chonse popanda VAT? Imaika phindu lotani? Ndipo pa sitoko yomwe a mashopu anawerenga pa 31, ya ndalama zingati inachokera kufakitale?

Tiyamike: Malonda ndi K900 miliyoni m'buku la fakitale, kwa a mashopu zogula zikuoneka K880 miliyoni, kusiyana kwake ndi thiraki ija. Fakitale imaonjezera 25 pa 100 pamwamba pa mtengo wopangira. Sitoko yochokera kufakitale anawerenga ya K130 miliyoni.

Mphatso: Ndiye 130 kuphatikiza 20 wa pathiraki ndi 150. 25 pa 100 ya 150 ndi K37.5 miliyoni. Mwaona? Ikungofanana ndi 37 uja. Ndiye kuti vuto lonse linali phindu losakhwimali.

aGondwe: Ayi Mphatso, zangokumana mwangozi, ndipo 37.5 wakoyo ndi wolakwikanso. K37 miliyoni ija taigawa kale pazinthu zinayi, ilibe chibale ndi phindu. Ngakhale maleja awiriwo akanagwirizana mpaka tambala yomaliza, phindu la m'sitokoli likanakhalapobe.

Wachita bwino kuphatikiza wa pathiraki, ambiri amamuiwala. Koma 25 pa 100 ija ili pamwamba pa mtengo wopangira, osati pa mtengo wogulitsira. Chidebe chomwe fakitale yapanga ndi K100 imachigulitsa K125. Ndiye mu K125 iliyonse ya sitoko ya a mashopu, phindu la fakitale ndi K25.

```
150 x 25/125 = 30
```

K30 miliyoni. Sitoko yomwe a mashopu akuiona ngati ya K150 miliyoni, gulu linaipanga ndi K120 miliyoni. Penti wa pathiraki uja ndi wa K16 miliyoni kwa gulu.

Bonifesi: Pepani ndilowererenso. Fakitale yagulitsa, invoisi ilipo, mwinanso ndalama yalandira. Phindu limenelo likukanidwa bwanji?

aGondwe: A Bonifesi, mayi akagulitsa nkhuku kwa mwana wake wa m'nyumba momwemo, nkhukuyo n'kumagonabe m'khola lomwelo, banjalo lalemerapo? Lidzalemera tsiku lomwe munthu wodutsa ndi njira adzaigule. Penti wa K750 miliyoni yemwe wachoka m'manja mwa a mashopu, phindu lake lilibe vuto. Wa K150 miliyoni akadali pashelefu ndi pathiraki.

Tiya, majenolo ako a pa shiti akhala otere, m'mamiliyoni:

```
Dr Revenue          900
   Cr Cost of sales     900

Dr Cost of sales     30
   Cr Inventory          30
```

Loyambalo silisintha phindu ngakhale ndi tambala, limangophwetsa malonda ndi mtengo wa zogulitsa mofanana. Koma usalipeputse. Ukaliiwala, gulu lioneka ngati lagulitsa K900 miliyoni yoonjezera, penti mmodzi kuwerengedwa kawiri, ndipo a banki omwe amayang'ana kukula kwa malonda anu apatsidwa chithunzi chabodza. Lachiwirilo ndi lomwe limaluma phindu. Lendi ya depoti ija uichitenso chimodzimodzi, ichoke ku zolowa za fakitale ndi ku zotuluka za a mashopu.

Tiyamike: Ndiye phindu la gulu la 2024 litsika ndi K30 miliyoni yonse? Abwana andidya wamoyo.

aGondwe: Funsa kaye fayilo ya chaka chatha. Pa 31 Disembala 2023 a mashopu analinso ndi penti wa kufakitale, si choncho? Anachotsapo zingati?

Tiyamike: Ndaipeza, maodita ndi omwe anauza kuti ichotsedwe. K24 miliyoni.

aGondwe: Basi, mtima ukhale m'malo. Penti uja wa 2023 wagulitsidwa kwa anthu akunja mu 2024, ndiye phindu lake la K24 miliyoni lakhwima chaka chino. Ukulibweza 24, ukuchotsa 30, phindu la 2024 likutsika ndi K6 miliyoni yokha.

Koma apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, mvetsera. Paja aNaphiri anena kuti majenolo amenewa salowa m'leja ya kampani iliyonse. Tanthauzo lake n'lakuti maleja sakumbukira zomwe munachita chaka chatha. Ukatenga mabuku a makampani atatuwo lero n'kuphatikiza, phindu losungidwa la kumayambiriro kwa chaka likhala lokwera ndi K24 miliyoni kuposa lomwe munasindikiza chaka chatha. Uyenera kulilembanso ndi dzanja:

```
Dr Opening retained earnings / NCI   24
   Cr Cost of sales                      24
```

Njira yodziwira ngati wachita bwino ndi imodzi. Phindu losungidwa lomwe ukutsegulira 2024 lifanane ndi lomwe munatsekera 2023 m'mabuku osainidwa. Likasiyana, pali jenolo la chaka chatha lomwe silinanyamulidwe. Ine ndisanayang'ane china chilichonse mu konsolidesheni ya munthu ndimayamba pamenepo.

Mphatso: Nanga a 20 pa 100 aja sakhudzidwa konse? Chifukwa ndimaona kuti penapake ayenera kulowa.

aGondwe: Apa ndiye wakhoza, amalowadi, koma pakhomo lina. Phindu la K30 miliyoni timalichotsa lonse, kenako timafunsa kuti linalembedwa m'buku la yani. Lili m'buku la fakitale, wogulitsayo, ndipo fakitale ndi yomwe ili ndi eni masheya akunja. Ndiye powerengera gawo lawo la 20 pa 100, umayamba watsitsa phindu la fakitale. Zikanakhala kuti wogulitsa ndi kampani yaikulu kapena ya mashopu, akunjawo sakanamva kanthu.

aNaphiri: Musaiwale msonkho musanagawe. Fakitale ilipira msonkho pa phindu lake lonse, kuphatikizapo K30 miliyoni imeneyi, chifukwa a MRA sadziwa za shiti yanuyo. Gulu lalipira msonkho pa phindu lomwe m'mabuku ake silinaonekebe. IAS 12 imati muulembe ngati msonkho wodzapindula nawo mtsogolo. Pa 30 pa 100 ndi K9 miliyoni, ndiye zotsala ndi K21 miliyoni, ndipo gawo la akunja aja pamenepo ndi K4.2 miliyoni. Ya chaka chatha ija, 24, nayonso inali ndi msonkho wake wa K7.2 miliyoni, uunyamule pamodzi. Makampani onse ali ku Malawi kuno ndiye mulingo ndi umodzi. Akanakhala m'maiko awiri mukanatenga mulingo wa dziko la wogula, komwe kuli sitokoyo.

Ndipo VAT musaifufute, chonde. Ndaonapo shiti yomwe munthu anafufuta VAT yomwe wogulitsa ayenera kupereka ndi yomwe wogula ayenera kubweza, ati zonse n'za m'kati. Ayi. K3.3 miliyoni ija fakitale ikaipereka kwa a MRA, a mashopu akaitenga kwa a MRA. MRA si kampani ya m'gulu mwanu.

Tiyamike: Koma pamapeto pake zimathana, si choncho aNaphiri? Uyu wapereka, uyu wabweza.

aNaphiri: Kwa inu zimathana chifukwa onse awiri amagulitsa katundu wa VAT, ngakhale apa fakitale ipereka pa ritani ya Disembala pomwe a mashopu abweza pa ya Januwale. Koma taganiza gulu lomwe lili ndi banki kapena inshuwalansi m'kati. Kampani yaikulu ikaitumizira invoisi ya ntchito za utsogoleri ndi VAT pamwamba, bankiyo singabweze VAT yonseyo chifukwa ntchito zake zambiri sizilipiritsa VAT. Pofufuta, invoisi imachoka mbali zonse, koma VAT yosabwezekayo imatsala ngati ndalama yomwe gulu lataya zenizeni. Nambala ziwirizo sizidzafanana, ndipo sikulakwitsa kwa munthu.

China, chija chakuti "ndife amodzi, pepala n'lachiyani" chidzakupwetekani. Mitengo yomwe makampani apachibale amagulitsirana a MRA amaiyang'ana. Adzafuna kudziwa kuti 25 pa 100 munaipeza bwanji ndipo ogula akunja mumawagulitsa pa zingati. Kufufuta pa konsolidesheni sikukutetezani pamenepo. M'mabuku a fakitale payokha K900 miliyoni ija iyeneranso kuululidwa pansi pa IAS 24.

Yusufu: Pepani ndabwera mochedwa, koma nkhaniyi yandikumbutsa yathu yomwe mpaka lero sindinaimvetse. Ife kampani yathu yaikulu ili ku Mauritius, mabuku ake ndi a madola. Inatitumizira mainvoisi a $200,000 ndipo tinalephera kulipira chifukwa madola sankapezeka. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. M'buku mwathu munatuluka luzi ya pafupifupi K104 miliyoni. Ine ndinati poti ngongoleyo ndi ya m'banja, ikafufutika luziyo ifufutikenso. A kulikulu anakana. Ndani anali kukhoza?

Mphatso: Ine ndili mbali yanu a Yusufu. Gulu silingaluze pa ngongole yomwe lili nayo kwa lokha.

Chisomo: A kulikulu ndi omwe anakhoza. Ngongoleyo imafufutika bwinobwino, $200,000 uku, $200,000 uko, bola onse agwiritse ntchito mtengo umodzi wa dola wa tsiku lotsekera. Koma luziyo ilibe inzake yoifufutira. Ku Mauritius anali kuyembekezera $200,000 ndipo akuyembekezerabe $200,000, sanapindulepo kanthu. IAS 21 ndime 45 imanena poyera kuti kusiyana kumeneku kumatsala. Ndipo n'zomveka mukaziganizira. Kuti ngongoleyo ilipidwe, makwacha a gulu ayenera kupita kubanki kukagula madola. Kale ankafunika K236 miliyoni, kwacha itagwa mu Novembala 2023 anafika pa K340 miliyoni. Banki yogulitsa madolayo si m'bale wanu.

Yusufu: Komatu ndinamva kuti pali njira yoti luziyo isadutse pa phindu.

aGondwe: Ilipo, koma si ya mainvoisi. Ndi ya ngongole yomwe palibe pulani yoibweza ndipo sikuoneka kuti idzabwezedwa, yomwe yasanduka ngati mpamba womwe kampani yaikulu inaika mwa inu. Pamenepo m'mabuku a gulu kusiyanako kumapita kumbali, osati pa phindu la chaka. Koma buku lomwelo limakana kuti ngongole za malonda zilowe mmenemo. Kulephera kupeza madola si chimodzimodzi ndi kusafuna kubweza. Ndipo m'buku la kampani yanu ya kuno luziyo imakhala pa phindu zivute zitani.

Yusufu: Ndamva, koma mtima sukuvomerabe. Invoisi yomwe yakhala chaka ndi miyezi osalipidwa, ndipo tonse tikudziwa kuti sitilipira posachedwa, ikadali ya malonda?

Chisomo: Imeneyo mukakangane ndi maodita anu mutanyamula pepala. Ngati makampani awiriwo anasainirana kuti yasanduka ngongole ya nthawi yaitali yopanda tsiku lobweza, pali poyambira kukambirana, kuyambira tsiku losainiralo, osati kubwerera mmbuyo kukafika Novembala. Pakamwa pokha ine sindingalole.

Tiyamike: Ndibwezeni ku zidebe zanga zophulika, akuluakulu. K2.5 miliyoni. A fakitale akuti anapakira bwino, a mashopu akuti analandira zotayikira. Onse akana kulemba. Lachisanu ndilo ili.

aGondwe: Taona chomwe chachitika. Fakitale ikuti inagulitsa ndipo idzalipidwa. A mashopu anachotsa zidebezo pa sitoko n'kuchotsanso pa ngongole. Ndiye penti anatayika pamsewu, koma palibe buku lomwe lalemba kuti wataya kanthu. Ukangophatikiza, phindu la gulu lakwera ndi K2.5 miliyoni yomwe kulibe. Pa shiti yako iyenera kutsika, asainirane asasainirane. Gulu linataya penti yemwe linamupanga ndi K2 miliyoni, ndipo K500,000 yotsalayo ndi phindu lomwe fakitale inadzilembera pa katundu yemwe sanafike kwa wogula aliyense.

Chomwe mkanganowo ukusintha ndi nambala yofufuta ndi amene asenze. Akasenza a mashopu, mbali zonse zikhala 174.8. Ikasenza fakitale, zikhala 172.3, ndipo eni masheya akunja aja asenza nawo gawo lawo la 20 pa 100. N'chifukwa chake si nkhani yoti iwe uigamule pa Excel. Pita nayo kwa mkulu wa zachuma wa gulu, asankhe, alembe, asaine.

Bonifesi: Apa pokha ndiye ndingathandize. Funsani pepala lomwe dalaivala anasainitsa potsitsa. Ngati wolandira katundu analembapo kuti zidebe zakutizakuti zafika zophulika, dalaivala n'kusaina, nkhani yatha. Ngati anasaina kuti zonse zili bwino n'kudzadandaula patapita sabata, a mashopu alibe mawu. Komanso thirakiyo inali ya yani? Ngati inali yahayala, mwina onse awiri akulimbana pachabe, wolipira ndi mwini thiraki kapena inshuwalansi yake.

Chisomo: A Bonifesi mwatiposa tonse kkkk. Koma ngakhale zitakhala choncho Tiya, usathamangire kulemba kuti mwini thiraki adzalipira. Mpaka atavomera kapena a inshuwalansi atalemba kalata, luziyo ikhale pomwepo.

Tiyamike: Inali yahayala. Pepalalo ndapempha ku depoti, akuti alisaka m'makatoni. A Gondwe, pakali pano ndiika K2.5 miliyoni kwa a mashopu pa shiti, ndifufute 174.8 mbali zonse, ndilembe pambali kuti ikudikira chigamulo. Zili bwino?

aGondwe: Zili bwino ngati wailemba poonekera, osati kuikwirira m'kati mwa fomula. Ndipo ukakhala ndi abwana akowo Lachisanu, upemphe chinthu chimodzi: makampani awiriwa azisainirana ngongole mwezi ndi mwezi, mabuku asanatsekedwe. Zidebe za Okutobala sizikanafika Januwale.

Chisomo: Ine pa 174.8 sindinavomerebe, madala. Ngati invoisi ya pa 30 Disembala ibwezedwa kufakitale, 23.3 ichoka pa ngongole, malonda ofufuta akhala 880, ndipo phindu la m'sitoko likhala 26 osati 30, chifukwa 4 winayo wachoka kale ndi invoisiyo. Phindu la gulu silisintha, koma la fakitale lisintha, msonkho wake usintha, bonasi ija isinthanso.

aGondwe: Popanda mgwirizano wolembedwa ndingayang'ane zomwe akhala akuchita chaka chonse. Amalipira thiraki ndani, ndipo katundu akaonongeka panjira amasenza ndani?

Chisomo: Ndiye taonani, funso limenelo ndi lomwe akukanganirana pa zidebe zija. A mashopu akapambana pa zidebe, ndiye kuti katundu wa panjira ndi wa fakitale, ndipo invoisi ya pa 30 igwa nayo. Fakitale singasenze zidebe za Okutobala kwinaku ikunena kuti thiraki ya Disembala inali kale ya a mashopu.

Tiyamike: Eish. Ndiye ziwirizi ndizitengere limodzi kwa abwana. A Bonifesi, pepala lija likapezeka ndilijambula ndikutumizireni kumbali mundithandize kuwerenga zomwe analemba a ku depoti.